Kumwa mankhwala pamene mukuyamwitsa

Amayi ambiri akadwala amachita chimodzi mwa ziwiri: kusiya mankhwala poopa kupweteka mwana, kapena kumuletsa bere mpaka mankhwalawo athe. Kawirikawiri zonsezi n'zosafunika. Mankhwala ambiri amalowadi mumkaka wa m'mawere, koma funso loyenera ndi lakuti alowa ochuluka bwanji, ndipo mwana amene akuyamwayo ndi wamkulu bwanji.

Tiyeni tione panado. Mayi amamwa mibulu iwiri ya mamiligalamu 500, ndipo angabwereze mpaka kanayi pa tsiku. Mankhwalawo amayamba alowa m'magazi ake n'kufalikira thupi lonse, ndipo ofika mumkaka amakhala pafupifupi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa lita. Mwana wa makilo 5 amayamwa mkaka wokwana mamililita 750 pa tsiku, choncho panado amene angamupeze tsiku lonse ndi mamiligalamu 10 kapena kuyandikira apo. Mwana yemweyo atatentha thupi, kuchipatala angamupatse mamiligalamu 50 mpaka 75 nthawi imodzi. Mukuona nokha kusiyana kwake. Achipatala amawerengera chonchi, ndipo ngati zofika kwa mwana sizikukwana gawo limodzi mwa magawo 10 a mlingo wa mayi, poyerekeza ndi kulemera kwa aliyense, nthawi zambiri sipakhala nkhawa.

N'chifukwa chake panado, bulufeni ndi amokisilini mungamwe uku mukuyamwitsa. Insulini wa odwala shuga alibenso vuto, chifukwa ngakhale wochepa atafika mumkaka, amagayika m'mimba mwa mwana ngati chakudya. Mankhwala a TB pitirizani. Ma ARV ndiye musadumphitse ngakhale tsiku limodzi, pakuti ndiwo amachepetsa kachilombo m'magazi ndi mumkaka kuti mwana asatenge.

Msinkhu wa mwana nawo ndi nkhani. Khanda la masiku ochepa, makamaka lobadwa masiku osakwana kapena lachikasu, chiwindi ndi impso zake zimakhala zisanakhwime, ndiye mankhwala amachedwa kutuluka m'thupi n'kumaunjikana. Wa miyezi 9 amene akudya phala amayamwa pang'ono ndipo thupi lake limatha kuwachotsa. Bakitilimu, mwachitsanzo, amafuna kusamala ngati khanda lili ndi chikasu kapena linabadwa nthawi isanakwane. Ngati mumamwa tsiku lililonse limodzi ndi ma ARV musasiye panokha, koma auzeni achipatala mmene mwana alili.

Ofunika kuopa kwambiri ndi mankhwala ogonetsa. Kodini, amene amapezeka m'mibulu ina yoletsa ululu ndi m'mankhwala ena a chifuwa, chiwindi cha mayi chimamusandutsa mofini, mankhwala amphamvu kwambiri oletsa ululu. Amayi ena matupi awo amachita zimenezi mofulumira kwambiri, ndipo palibe amene angadzidziwe pongodziyang'ana. Mofiniyo akafika kwa khanda amatha kulifooketsa kapumidwe. Tiramado, mankhwala enanso oletsa ululu, ndi chimodzimodzi. Choipa n'chakuti mwana wotere salira, ndiye pakhomo amangoti lero wagona bwino. Musanagule mankhwala a chifuwa kapena a mutu kufamase, funsani ngati muli kodini. Asipirini womwera ululu mupeweninso, poti panado alipo. Mankhwala a khansa ndi ena ochepa ndi amene nthawi zambiri amachititsa kuti kuyamwitsa kuime, ndipo adokotala amanena okha.

Pali ena amene sapweteka mwana koma amachepetsa mkaka, monga mapilitsi olera okhala ndi esitirojeni akamwedwa m'miyezi yoyambirira. Jakisoni wa Depo ndi njira ya pamkono zilibe vuto limeneli. Za mankhwala azitsamba n'zovuta kuweruza, chifukwa mphamvu ya botolo limodzi imasiyana ndi ya linzake ndipo mlingo wake sudziwika.

Mukapita kuchipatala, musadikire kufunsidwa. Nenani kuti, "Adokotala, ndikuyamwitsa, mwana ali ndi masabata atatu," ndipo onetsani chiphaso chanu ndi cha mwana. Funsani ngati pali mankhwala ena ogwira ntchito yomweyo amene makanda amapatsidwanso. Mukapatsidwa omwa kamodzi pa tsiku popanda nthawi yoikika, imwani mutangotha kuyamwitsa, mwana akamagona tulo tatitali.

Kenako muyang'anitsitseni mwana masiku oyambirira. Kutsegula m'mimba pang'ono mayi akamamwa amokisilini kumachitika ndipo kumatha kokha. Koma mwana akamagona osadzukira bere, akamayamwa mofooka, akalobodoka mukamunyamula, akamapuma mochedwa kapena milomo ikamada, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Tengani paketi kapena botolo la mankhwala amene mwamwa kuti achipatala awerenge dzina lake.