Nkhope yochokera pa chithunzi china: mafunso amene atichulukira pa kauntala

Mwandibwezera chithunzi cha malemu bambo anga, mukuti kuwala sikukugwirizana. Nkhope ikuoneka bwinobwino, ndiye vuto lili pati?

Funso limeneli talimva kambirimbiri chiyambireni lamulo loti nkhope iliyonse yofuna kuikidwa pa chithunzi china iziyamba yayezedwa kuwala tisanalandire ndalama. Loweruka lina mzere unatuluka mpaka panja pa situdiyo yathu kuno ku Old Town mu Lilongwe, ndipo ena anachoka akung'ung'udza. Pepani ndithu, koma lamulolo silichoka.

Nkhope ikhoza kuoneka bwino payokha n'kukana kukhala pagulu. Anthu onse akawalitsidwa kuchokera kumanja, mithunzi ya mphuno zawo imagwera kumanzere. Mukaikapo mmodzi amene mthunzi wake ukugwera kumanja, ngakhale agogo amene sanagwirepo kamera amangoti, "Koma awa sanalipo." Sangaloze chimene chalakwika, koma diso laona kale. Chithunzicho chikapachikidwa pabalaza, wonenedwa ndi ife.

Mumayeza bwanji? Mtsikana wa pa kauntala anangoyang'ana kamphindi basi.

Anayang'ana malo atatu. Choyamba ndi kadontho kowala ka m'diso. Timatenga diso ngati wotchi: kadontho kakakhala pa 10 koloko, kuwala kunachokera m'mwamba chakumanzere; kakakhala pa 2 koloko, m'mwamba chakumanja; kakakhala pakatikati, nthawi zambiri ndi fulashi ya foni kapena ya kamera. Kenako amaona kumene mthunzi wa mphuno wagwera, ndi mthunzi wa chibwano pakhosi. Pa khungu lakuda palinso mboni ina, kunyezimira kwa pachipumi ndi pamasaya, makamaka munthu akadzola mafuta. Kumaloza kumene kuli kuwala mosabisa.

Malire athu ndi awa: kusiyana kwa ola limodzi pa wotchipo, komwe ndi madigiri 30, timakonza. Maola awiri timakambirana nanu kaye. Kupyola pamenepo sitilandira.

Nanga zoti mthunzi "wouma" ndi "wofewa" n'chiyaninso?

Apa m'pamene ambiri timasemphana. Sitikunena za kuda kwa mthunzi, tikunena za m'mphepete mwake. Imani padzuwa, muike dzanja pafupi ndi khoma: mthunzi wa zala umadulika ngati aulemba ndi cholembera. Lowani m'nyumba, muchite chomwecho ndi kuwala kwa pazenera pamene dzuwa silikulowa: m'mphepete mumazimiririka pang'onopang'ono.

Chimene chimasiyanitsa ndi kukula kwa chowalitsacho monga chikuonekera kuchokera pamene munthu waima. Dzuwa n'lalikulu, koma kumwambako limaoneka kadontho, pafupifupi theka la digiri, n'chifukwa chake mthunzi wa mphuno umatuluka ndi mpeni wake. Fulashi ya foni ndi chimodzimodzi. Tsiku la mitambo thambo lonse limasanduka nyale imodzi yaikulu, ndipo mthunzi umangotsala pang'ono kusowa. Pakhonde ndi pazenera lalikulu zimakhala pakati.

Tsono njira ziwirizi sizifanana. Nkhope yofewa tikhoza kuiumitsa, chifukwa zonse zilipo ndipo ife timangowonjezera mthunzi. Nkhope youma kuifewetsa n'kovuta, chifukwa pamene dzuwa linamenya kwambiri pamakhala poyera mbee, ndipo m'maenje a maso mumakhala bii. Kompyuta imawerenga kuwala kuyambira 0 mpaka 255. Pamene pafika 255 palibe khungu loti tibweze, ndipo tikapadetsa pamangokhala chigamba chotuwa.

Zithunzi za masana mumazikana zonse?

Ayi, koma zambiri zimene timakana ndi zimenezo. Lilongwe ili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa ikweta, ndipo chakumapeto kwa Okutobala komanso mu Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Nsidze zimaphimba maso, kadontho ka m'diso sikaoneka, mthunzi wa mphuno umagwera pamlomo. Mu Juni dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye chithunzi cha masana chimakhalako bwino.

Tipatseni chitsanzo cha ntchito imene munakana kenako n'kuilandira.

Mayi ena a ku Kawale, amene anatilola kufotokoza nkhaniyi, anabwera ndi chithunzi cha chinkhoswe cha mwana wawo. Anajambulitsa pakhonde madzulo, kuwala kofewa kochokera kumanja, kadontho ka m'maso mwa onse pa 2 koloko. Ankafuna kuti malemu amuna awo aime kumapeto kwa mzere, pamene panaima achimwene awo a malemuwo, amene anavomera kubwereketsa thupi ndi suti. Chithunzi cha malemuwo chimene anabweretsa chinajambulidwa pabwalo masana a Okutobala. Titayeza, chipumi chinali pa 250, m'maso pa 20. Tinakana, ndipo mayiwo sanasangalale.

Patapita masiku anabwera ndi china cha m'tchalitchi, bambowo atakhala pafupi ndi zenera. Chinali chosaoneka bwino poyerekeza ndi choyamba chija, koma kuwala kunali kofewa, kochokera kumanja, kadontho pa 3 koloko. Ola limodzi lokha.

Mu Photoshop tinayamba n'kuchotsa mitundu kwa kanthawi ndi leya ya Black & White pamwamba pa zonse, chifukwa mitundu imanamiza diso. Tinayeza masaya a munthu woyandikana nawo: lowala 140, lamthunzi 105. A bambowo anali 150 ndi 70, kutanthauza kuti mbali yamthunzi inali yakuda mopyola, popeza m'tchalitchimo munalibe chobweza kuwala. Ndi Curves yomangirira ku leya ya nkhope yokha tinakweza mbali yakudayo mpaka kusiyana kwa masaya awiriwo kunayandikira kwa anzawo. Manambala sitinawafananitse ndendende, chifukwa khungu la anthu silifanana. Chimene timafananitsa ndi kusiyana kwa mbali ziwirizo.

Ola lija tinalikonza pa leya ya 50% Gray yoikidwa pa Soft Light, ndi burashi yofewa, Flow pa 2%. Tinawalitsa pang'ono chipumi chakumanja ndi pamwamba pa tsaya, n'kudetsa kunsi kwa mphuno ndi kwa mlomo, kuti kuwala kuoneke ngati kwakwera. Kadontho ka m'diso tinakasunthira pa 2 koloko. Chomaliza, chimene ambiri amaiwala, chinali mthunzi wa chibwano pa kolala. Tinaupaka pa leya ya Multiply ndi mtundu wotapa pa mthunzi wa pakhosi pa woyandikana nawo, osati wakuda bii, chifukwa simenti yofiira ya pakhondepo inkabweza kufiira m'zibwano za onse. Kenako Gaussian Blur mpaka m'mphepete mwake munafanana ndi mwa enawo. Popanda mthunzi umenewu mutu umayandama pamwamba pa suti. Ntchito yonse inadya masana athunthu.

Kuwala kukakhala mbali ina, bwanji osangotembenuza nkhopeyo?

Flip Horizontal imasandutsa 10 koloko kukhala 2 koloko nthawi yomweyo, ndipo nthawi zina timatero. Koma nkhope ya munthu siifanana mbali zonse. Chipsera, kachiphuphu kobadwa nako, mzere wa tsitsi, dzino lobenthuka, zonse zimasamukira mbali ina, ndipo achibale amati munthuyu akufanana ndi bambo koma si iwo. Sititembenuza musanaone pa sikirini n'kusayina.

Ndinalipira dipoziti, chithunzi sichinandisangalatse. Ndalama zanga mubweza?

Zimatengera, ndipo tikupempha muwerenge modekha. Kuyeza kuwala n'kwaulere, ndipo tikakana ntchito simulipira kanthu. Tikailandira mumalipira theka, ndipo pa lisiti timalemba gulu la ntchitoyo: yogwirizana, kapena ya maola awiri ija.

Ngati ili yogwirizana koma pa sikirini mthunzi wa nkhope ukuloza kwina ndi wa anzake, kapena m'mphepete mwake mwauma pakati pa anthu ofewa, kulakwa n'kwathu. Timakonza kawiri osawonjezera mtengo, ndipo zikakanikabe dipoziti imabwezedwa. Ngati ili ya maola awiri, ndiye kuti tinakuchenjezani kuti padzatsala kachizindikiro, inu n'kuti tipitirize. Pamenepo dipoziti siibwezedwa, chifukwa nthawi inagwiritsidwa ntchito, ngakhale kuti oyang'anira situdiyo akhoza kuona nkhani iliyonse payokha, makamaka ya maliro. Sitikulonjeza kanthu pamenepa.

Pali madandaulo ena ovuta kuwaika mbali. Munthu amati, "Sakuoneka ngati iwo." Nthawi zina amanena zoona: tikasuntha mithunzi kwambiri, masaya ndi mphuno zimasintha maonekedwe, popeza mthunzi ndiwo umaumba nkhope pa pepala. Nthawi zina n'chifukwa choti chithunzi chobweretsedwacho n'cha zaka zakale kwambiri. Zikatero timaika zithunzi ziwirizo pambalipambali, n'kuweruza limodzi. Koma mukavomereza pa sikirini ife n'kusindikiza, mtengo wa pepala ndi fulemu subwerera, ngakhale atakhala kuti alongo anu kunyumba ndiwo akana.

N'zoona kuti munatulutsapo chithunzi cha munthu wa mithunzi iwiri?

Zinachitika kamodzi, lamuloli lisanayambe. Nkhope inabwera ndi mthunzi wake wa mphuno, wogwira ntchito anawonjezera wina mbali inayo osafafaniza woyambawo, ndipo zinapita pa mapulogalamu a maliro usiku, mothamanga. Tinasindikizanso ndi ndalama zathu. Amene akufalitsabe chithunzicho adziwe kuti nkhaniyo tinathana ndi banjalo.

Nditumize pa WhatsApp?

Tumizani ngati Document, apo ayi chimafinyidwa ndipo kadontho ka m'diso kamasowa. Cha papepala bweretsani chenichenicho, musachijambule ndi foni.

Za pasipoti kapena chitupa mumapanga?

Ayi. Ndiponso nkhope ya munthu wamoyo sitiika pa thupi lina mwiniwake asanavomere.

Ndingachitepo chiyani kuti ntchito yanga isakanidwe?

Bweretsani zithunzi zonse za munthuyo zimene muli nazo, ngakhale zimene mukuziona ngati zonyansa. Ife timasankha potsata kuwala, osati suti. Ndipo ngati chithunzi cha gulu simunajambulitse, bwerani ndi nkhopeyo mwambo usanachitike. Wojambula adzaimika banja potsata kuwala kwa chithunzi chakalecho: ngati chili cha pazenera, mudzaima pakhonde, kuwala kukuchokera mbali yomweyo, ngati chili cha masana a Okutobala, nonse mudzaima padzuwa masana, ndipo wina wamsinkhu wofanana adzaima pamalo pawo kuti mapewa ndi kolala zilandire kuwala komweko. Tiuzeni kudakali sabata imodzi, chifukwa Loweruka ojambula athu amakhala atagawidwa kale.