Kachilembo kosaoneka komwe kamamanga banja la maimoji: mafunso ndi mayankho

Achemwali anditumizira imoji ya banja, koma pafoni panga pakuoneka mitu inayi yondondozana. Kodi foni yawonongeka?

Ayi, yangokalamba. Mitu inayiyo ndi imene anatumizadi: bambo, mayi, mtsikana ndi mnyamata. Banja 👨‍👩‍👧‍👦 lilibe nambala yakeyake m'kaundula wa Unicode, momwe chilembo chilichonse cha pakompyuta chimalembedwa ndi nambala yake. Limachita kumangidwa, ndipo mkati mwake muli izi:

```
U+1F468 U+200D U+1F469 U+200D U+1F467 U+200D U+1F466
```

`U+1F468` ndi bambo 👨, `U+1F469` ndi mayi 👩, `U+1F467` ndi mtsikana 👧, `U+1F466` ndi mnyamata 👦. Kamene kabwera katatu pakatipo, `U+200D`, ndiko kachilumikizi. Dzina lake m'kaundula ndi `ZERO WIDTH JOINER`, mwachidule ZWJ. Sikaoneka ndipo sikatenga malo pamzere. Ntchito yake ndi kunong'oneza fonti ya maimoji kuti, ngati uli ndi chithunzi chimodzi cha anthu awa ali pamodzi, jambula chimenecho. Foni ya achemwali anu ili nacho chithunzicho. Yanu ilibe, choncho imangodumpha kachilumikizi n'kujambula aliyense payekha.

Anakonza dala kuti zizitero. Chikhala kuti banjalo linapatsidwa nambala yatsopano, foni yakale bwenzi ikuonetsa kabokosi kopanda kanthu, osadziwa n'komwe kuti anakutumizirani chiyani. Apa n'pomwe mungasiyanitsire mavuto awiriwa. Kabokosi kakusonyeza kuti foni sikuchidziwa chilembocho. Zithunzi zondondozana zikusonyeza kuti zilembo ikuzidziwa, koma kuphatikiza kwake sinakumvepo.

Ndiye kachilumikizi kameneka anakapangira maimoji?

Kanalipo kale maimoji asanalowe mu Unicode. Kanapangidwira zinenero monga Chiarabu ndi zinenero za ku India zolembedwa m'Chidevanagari, momwe chilembo chimasintha maonekedwe chikalumikizana ndi chinzake. A maimoji anangokabwereka.

Nanga mlimi, dokotala ndi mphunzitsi amamangidwa bwanji?

Munthu patsogolo, kachilumikizi pakati, chida cha ntchito yake kumapeto. Mayi ndi sukulu 🏫 ndi mphunzitsi 👩‍🏫. Mayi ndi sipanala 🔧 ndi makaniko 👩‍🔧. Mayi ndi ngala za mpunga 🌾 ndi mlimi 👩‍🌾. Ntchito zimenezi zinalowa mu 2016, mumndandanda wa maimoji wotchedwa Emoji 4.0, kutsatira pempho la a Google lofuna kuti amayi azionekanso ali pantchito zosiyanasiyana. Mu 2019 anawonjezera zoyamba ndi 🧑, munthu wosatchulidwa kuti ndi mwamuna kapena mkazi.

Titenge mlimi wamkazi wakhungu lakuda, timumange pang'onopang'ono:

```
U+1F469 U+1F3FF U+200D U+1F33E
```

Poyamba ndi mayi. Kachiwiri, `U+1F3FF`, ndi mtundu wa khungu, wakuda kwambiri mwa mitundu isanu yoyambira pa `U+1F3FB`. Onetsetsani kuti pakati pa mayiyo ndi khungu lake palibe kachilumikizi. Khungu limamatirira lokha kwa munthu amene lamutsatira, kenako m'pamene pamabwera `U+200D` ndi mpunga. Zotsatira zake ndi 👩🏿‍🌾. Mukaika khungu kumapeto, pambuyo pa mpunga, mupeza mlimi wachikasu ndi kabokosi kakuda pambali pake, chifukwa mpunga ulibe khungu loti n'kulisintha.

Dokotala ali ndi kanthu kena kowonjezera:

```
U+1F469 U+200D U+2695 U+FE0F
```

`U+2695` ndi ndodo yokulungidwa ndi njoka, chizindikiro cha zachipatala. Ndi chilembo chakale chomwe mwachibadwa chimajambulidwa chakuda ngati zilembo wamba, ndiye `U+FE0F` amabwera kudzanena kuti chitengedwe ngati imoji. Woyendetsa ndege ndi woweruza milandu nawonso amatha ndi `U+FE0F` pa chifukwa chomwechi. Olemba mapulogalamu akamasefa mawu amakonda kukataya kameneka poganiza kuti ndi zinyalala, ndipo pa mafoni ena dokotala amagawikana kukhala mayi ndi ndodo.

Wapolisi nayenso ndi munthu ndi chida?

Iyeyu ndi wosiyana. 👮 anabwera kale ali ndi nambala yakeyake, `U+1F46E`. Pofuna wamkazi amatembenuza dongosolo: wapolisi patsogolo, kachilumikizi, kenako chizindikiro cha mkazi, `U+2640 U+FE0F`.

Kwathu timalima chimanga, osati mpunga. Ndingaike 🌽 kuti nditulutse mlimi wachimanga?

Kulemba mungalembe, palibe angakugwireni dzanja, koma mlimi satuluka. Kachilumikizi sikajambula kanthu. Chithunzi chilichonse chophatikiza anachita kuchijambula munthu ku makampani monga Apple, Google, Samsung kapena Microsoft, ndipo ojambulawa amatsata mndandanda wa Unicode wa zophatikiza zovomerezeka, womwe uli mufayilo ya `emoji-zwj-sequences.txt`. Mayi ndi chimanga mulibemo, ndiye mnzanu alandira 👩 ndi 🌽 zoyandikana. A ku Karonga ndi ku Nkhotakota okha ndiwo mpungawo ukuwakomera.

Lamulo lomweli ndi limene limapanikiza banja. Mumndandandamo makolo sapitirira awiri, ana sapitirira awiri. Banja la ana asanu, la agogo, kapena lolera mwana wa mlongo mulibemo. Ngakhale kandondomeko ka ana n'kokhwima: mtsikana amayamba, mnyamata amatsatira. Mukawasinthanitsa, ngakhale kwanu woyamba kubadwa ali mnyamata, mwatuluka mumndandanda ndipo pa mafoni ambiri banja limwazika.

Khungu nalo silivomerezeka pa mabanjawa, ndipo chifukwa chake ndi masamu. Anthu anayi, aliyense ndi mitundu isanu ya khungu, ndi zithunzi 625 za banja la mtundu umodzi wokha, pomwe mitundu ya mabanja ndi yambiri. Ine ndimaona kuti apa njira ya kachilumikizi inafika pamalire ake. Kulemba n'kosavuta, koma kujambula ndi kusunga zithunzi zonsezo m'foni ndi katundu. Mu 2023, Emoji 15.1 inabweretsa mabanja ena anayi omangidwa ndi 🧑 ndi 🧒, ndipo ojambula ambiri anawajambula ngati zithunzithunzi zopanda nkhope, kuti nkhani ya khungu isabuke n'komwe.

N'chifukwa chiyani imoji imodzi ya banja imadya malo ambiri mu SMS?

Diso limaona chimodzi, makina amawerenga zidutswa. SMS ya zilembo wamba imanyamula zilembo 160, koma mukangoikamo imoji, uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe kena konyamula malo 70 okha. Chilembo chathu cha ŵ chimachitanso zomwezo. M'malo 70 amenewo munthu aliyense wa m'banjamo amadya awiri, kachilumikizi kalikonse amodzi. Anthu anayi ndi malo 8, tolumikiza titatu ndi 3, pamodzi 11.

Olemba mapulogalamu amakumana ndi mayankho atatu osiyana pa banja lomweli. Python imati 7 chifukwa imawerenga manambala a Unicode:

```python
s = "\U0001F468\u200D\U0001F469\u200D\U0001F467\u200D\U0001F466"
len(s)                  # 7
len(s.encode("utf-8"))  # 25
```

Mabaiti ndi 25 chifukwa munthu aliyense amatenga 4 ndipo kachilumikizi kamatenga 3. JavaScript imati 11, mofanana ndi SMS ija. Choopsa chimabwera pulogalamu ikamadula mawu pa nambala inayake, tinene dzina lisapitirire zilembo 20. Mpeni ukagwera pakati pa banja, mnyamata amatsala kunja, kapena kumapeto kumatsala kachilumikizi kolendewera. Podula muzigwiritsa ntchito chida chowerenga zomwe diso likuona, monga `Intl.Segmenter` mu JavaScript, chomwe banja lonselo chimaliwerenga kamodzi.

Ndikafufuta imoji ya banja, nthawi zina amachoka mwana mmodzi yekha. Ndalakwitsa pati?

Simunalakwitse. Pulogalamu imeneyo ikufufuta chidutswa chimodzichimodzi kuyambira kumapeto. Mnyamata akachoka pamatsala bambo, mayi ndi mtsikana, ndipo poti banja limenelo lilimo mumndandanda, foni imalijambula bwinobwino ngati 👨‍👩‍👧. Pitirizani kudina mpaka bambo atachoka, chifukwa iye ndiye womaliza.