ROE yanga ndi yapamwamba, bwanji mwandikaniza ngongole?

"Ndinalemba 45 peresenti pa fomu yanu, mwandikaniza. Mnzanga wa 30 peresenti mwam'patsa. Chilungamo chili pati?"

Dandauloli latifika kangapo mwezi uno ku ofesi yathu ya ngongole za mabizinesi kuno ku Blantyre, ndipo ena achoka pa mzere atakwiya. Sitingakambe za fomu ya munthu pagulu, koma tifotokoza mmene timawerengera.

ROE ndi peresenti yoonetsa phindu lomwe ndalama za mwini bizinesi zikubala. Nambala yomwe mumalemba pa bokosi la ROE imapezeka motere:

```
ROE = phindu la pachaka ÷ mpamba wa mwini × 100
```

Mpamba wa mwini ndi zomwe zingakutsalireni mutachotsa ngongole zonse pa chuma cha bizinesi.

Tiyerekeze magolosale awiri oyandikana ku Limbe, msonkho tauika pambali. Lililonse lili ndi katundu wa K20 miliyoni ndipo limapeza K6 miliyoni pachaka lisanalipire chiwongola dzanja. Mwini woyamba ndalama zonse ndi zake, ndiye ROE yake ndi 30 peresenti. Wachiwiri anaikamo K5 miliyoni yokha, K15 miliyoni anakongola pa chiwongola dzanja cha 25 peresenti. Akalipira K3.75 miliyoni ya chiwongola dzanjacho amatsala ndi K2.25 miliyoni, ndipo ukaigawa ndi K5 miliyoni ija ikutuluka 45 peresenti.

Matumba a shuga ndi zigubu za mafuta ophikira zomwe agulitsa ndi zofanana, ndipo wachiwiriyu wapita kunyumba ndi ndalama zochepa. Nambala yake yakwera chifukwa mpamba womwe akugawa nawo ndi waung'ono basi.

Tsono chibwere chaka chovuta, malonda apatse K3 miliyoni yokha. Woyamba atsika kufika pa 15 peresenti, bizinesi ikuyendabe. Wachiwiri chiwongola dzanja chake sichitsika, chikadali K3.75 miliyoni, ndiye waluza K750,000 ndipo sanayambe n'komwe kubweza ngongole yeniyeniyo. Ichi n'chomwe komiti yathu yogamula za ngongole imaopa ikaona nambala yokongola itakhala pamwamba pa ngongole zambiri.

"Ndiye mukuti kukongola n'kulakwa?"

Ayi, ifenso ntchito yathu ndi yokongoza. Ngongole imakweza ROE pokhapokha bizinesi ikamapindula kuposa chiwongola dzanja. Mu chitsanzochi, K100 iliyonse imabala K30 pomwe wokongoza amatenga K25. Ikabala K15, K10 yotsalayo ichoka m'thumba mwanu.

"Nanga mumayang'ana chiyani ngati si ROE?"

ROE timaiyang'ana ndithu, koma pamodzi ndi zinthu ziwiri. Choyamba, timagawa chuma chonse cha bizinesi ndi mpamba wa mwini. Kwa wachiwiri uja yankho ndi 4, kutanthauza kuti pa K4 iliyonse ya katundu ali pa shelefu, K3 ndi ya ngongole. Chachiwiri, timaona kuti phindu lingalipire chiwongola dzanja kangati. Kwa iyeyu ndi 1.6, ndipo phindu likangotsika kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu, silikwananso. Palibe nambala imodzi yomwe tingalonjeze kuti mukaifika mulandira ngongole, chifukwa wogulitsa zakudya zotha msanga sitimuyeza mofanana ndi wa hadiweya amene katundu wake amakhala miyezi.

"Katundu wa pangongole ku holoselo, ndi ndalama za ku banki mkhonde, nazonso ndilembe?"

Lembani zonse, ngakhale za katapila. Mukazibisa, mpamba wanu umaoneka waukulu pa pepala, koma zikatulukira poyendera bizinesi fomu imabwerera.

"ROE yanga yakwera koma malonda sanasinthe. Zatheka bwanji?"

Onani ngati mpamba sunachepe. Mukatapa K2 miliyoni m'bizinesi kukalipira fizi kapena kukamalizira nyumba ku Chirimba, kapena ngati munaluza chaka chatha, phindu lomwelo limagawidwa ndi mpamba wochepa ndipo peresenti imakwera yokha.

"Mabanki a pa Malawi Stock Exchange amalengeza ROE yaikulu. Iwo bwanji simuwakayikira?"

Banki imagwira ntchito ndi ndalama zomwe anthu asungitsa, ndipo m'mabuku ake zimenezo ndi ngongole. N'chifukwa chake Reserve Bank of Malawi imalamula mpamba womwe banki iliyonse iyenera kukhala nawo. Yerekezani banki ndi banki inzake, osati ndi golosale.

"Bwanji simunanene zimenezi poyamba?"

Apa tikuvomera. Fomu yathu ili ndi bokosi la ROE lopanda mawu ofotokoza, ndipo ambiri munaganiza kuti ndi lomwe limagamula. Amene munakanizidwa mukhoza kubweranso ndi mndandanda wa ngongole zanu zonse, chiwongola dzanja cha iliyonse ndi tsiku lomaliza kubweza, tidzawerengere limodzi. Kuwerengeranso sikutanthauza kuti chigamulo chisintha.