Masilaidi osamvera Slide Master: gwero lake ndi kukonza kwake

Mwezi watha mlembi wa kalabu ina ya alimi a tiyi kuno ku Thyolo anabwera ndi laputopu, nkhope ili khwinya. Mawa lake anali ndi msonkhano, ndipo masilaidi ake 24 a PowerPoint anali olembedwa ndi anthu atatu. Mitu ina inali ya Calibri, ina ya Times New Roman, ina yofiira, ina yobiriwira, ndipo mutu unkadumpha malo akapita pa silaidi yotsatira. Mayiwa anali atayamba kukonza imodziimodzi. Ndinawauza kuti, “Mayi, mukatero mugona pomwepa.”

Mu PowerPoint maonekedwe amachokera pamwamba kutsika pansi. Mukadina View kenako Slide Master, kumanzere mudzaona silaidi yaikulu pamwamba penipeni, ndi zing'onozing'ono m'munsi mwake, monga Title Slide ndi Title and Content. Yaikuluyo ndi kholo. Zing'onozing'onozo zimatengera kwa kholo, ndipo masilaidi anu amatengera kwa izo. Ambiri amalakwa apa: PowerPoint imakufikitsirani pa yaing'ono imene silaidi yanu ikugwiritsa ntchito, ndiye mukakonza pomwepo mwangokonza masilaidi a gulu limenelo. Kwerani kaye mpaka pamwamba.

Ife tinadina yaikuluyo, kenako Fonts ndi Customize Fonts, n'kuika Arial pa Heading font ndi pa Body font pomwe. Mutu tinauika pa 36, mawu a m'kati pa 24, poti holo za kuno zimalowa kuwala kwambiri ndipo wokhala kumbuyo zilembo zing'onozing'ono saziona. Pa Colors ndi Customize Colors tinasintha Accent 1 kukhala yobiriwira modera. Chizindikiro cha kalabu tinachiika kamodzi kokha pakona, n'kudina Close Master View.

Masilaidi 9 okha ndi amene anasintha. Mayi aja anandiyang'ana ngati ndawanamiza.

Chifukwa chake n'chakuti zimene munthu wasintha ndi dzanja pa silaidi penipeni zimaposa mphamvu za kholo. Amene anasankha mutu n'kuuika pa Times New Roman anaudula ku Slide Master, ndipo suimveranso. Mankhwala ake ndi Reset, imene ili pa Home pafupi ndi Layout. Tinasunga kaye kope lina la fayilo, kenako tinadina silaidi imodzi kumanzere, Ctrl+A kuti tisankhe onse, n'kudina Reset. Mitu inabwerera pamalo pake, fonti ndi kukula kwake zikufanana. Mukatero muyang'anenso silaidi iliyonse, chifukwa bokosi limene munalisuntha dala kuti chithunzi chikwane nalonso limabwerera kwawo.

Panatsala masilaidi 8 osamvabe. Pa 5 mwa iwo vuto linali limene ine ndimaliona kawirikawiri kuposa onse. Amene anawalemba anatenga Blank, n'kujambula yekha mabokosi ndi Text Box. Pamaso mawu aakulu pamwamba amaoneka ngati mutu, koma kwa PowerPoint si mutu ayi. Mutu weniweni ndi wolembedwa m'bokosi lija limati Click to add title. Reset sikhudza Text Box ngakhale mutadina kangati. Kuti muzindikire, pitani pa View ndi Outline View: mawu a m'mabokosi enieni amaoneka kumanzere, a mu Text Box saoneka. Masilaidi 5 aja anali mbee, opanda liwu ndi limodzi. Apa palibe chidule. Tinapatsa iliyonse Title and Content kudzera pa Layout, tinadula mawu n'kuwamata m'mabokosi enieni posankha Keep Text Only, kenako tinafufuta mabokosi akale. Ntchito yotopetsa, koma ndi ya kamodzi.

Atatu omalizawo anachokera ku fayilo ya munthu wina, ndipo pomata anasankha Keep Source Formatting. Chimenechi chimabweretsa silaidi pamodzi ndi kholo lake, ndiye fayiloyo inali ndi makholo awiri. Mukatsegula Layout n'kuona magulu awiri a mayina osiyana, dziwani kuti ndi zimenezo. Tinasankha atatuwo, n'kuwapatsa Title and Content ya gulu loyamba, kenako tinachotsa kholo lachiwiri mu Slide Master. Tsiku lina pomata sankhani Use Destination Theme.

Za makaka nkhani yake ndi yomweyo. Posankha mtundu, a pamwamba olembedwa Theme Colors amatsatira kholo, pomwe a Standard Colors amakhala momwemo mpaka mutawasintha nokha. Mivi iwiri yofiira pa silaidi ya makilogalamu a tsamba lokololedwa inali ya Standard Colors. Mayi aja anati isiyeni, ikuloza miyezi imene zokolola zinatsika, ndipo tinaisiya.