Siza ndi sitensilo si chinthu chimodzi ayi

Zaka ndi zaka ndakhala ndikumva anthu akunena kuti pojambula zithunzi pa kompyuta, mayeso a siza ndi bafa ya sitensilo, yomwe ndi malo osungira manambala m'kompyuta, n'chimodzimodzi, ati zonse zimangodula chithunzi. Zanditopetsa, chifukwa oyamba kumene amataya masiku akusaka vuto lomwe labwera ndi maganizo amenewa.

Siza imadziwa bokosi lamakona anayi basi, loongoka, silipendekeka. Mu OpenGL, chida chomwe olemba mapulogalamu amajambulira zithunzi, mukalemba

```
glEnable(GL_SCISSOR_TEST);
glScissor(0, 0, 200, 100);
```

ndiye kuti mapikiselo, timadontho ta pa sikirini, okwana 200 m'lifupi ndi 100 m'mwamba ndi okhawo ajambulidwe, kuyambira pakona ya pansi kumanzere, osati pamwamba ngati ambiri amaganizira, n'chifukwa chake bokosi lanu limakatulukira kolakwika.

Sitensilo ndi nkhani ina, pikiselo iliyonse ili ndi nambala yakeyake, kawirikawiri ya mabiti 8. Mukafuna galasi lozungulira mumayamba mwajambula bwalolo n'kulemba 1 m'menemo kudzera pa glStencilOp, kenako glStencilFunc(GL_EQUAL, 1, 0xFF) imalola zojambula kudutsa pomwe pali 1 pokha. Koma windo ikapangidwa popanda bafa ya sitensilo mayesowo amangololeza chilichonse, osadandaula n'komwe.

Dziyeseleni nokha, sizitenga nthawi. Yatsani siza muitane glClear, lamulo lopukutira sikirini, muona bokosi lokha ndi lomwe lapukutidwa. Zimitsani siza, muyatse mayeso a sitensilo muitanenso glClear, sikirini yonse ipukutika chifukwa glClear siyilabadira mayeso amenewo. Chonde musanauze mnzanu kuti ziwirizi n'zofanana yambani mwayesa kaye zimenezi pa kompyuta yanu.