Kumasulira malangizo a pa katoni ya mankhwala m'Chiarabu kuchokera pa chithunzi

Pa ntchito yathu yomasulira, ntchito imene imaoneka yaing'ono koma imatidyera nthawi ndi ya chithunzi cha katoni ya mankhwala chotumizidwa pa foni. Tiyerekeze kuti mayi wa ku Sudan amene akukhala ku Britain wagulira mwana wake wa miyezi inayi parasetamo wamadzi, ndipo akufuna kuti malangizo ake alembedwe m'Chiarabu. Mawu ndi ochepa, koma pali malo angapo pamene muyezo ungasinthe womasulirayo osazindikira.

Ndisanalembe chilichonse ndimayamba ndafufuza chithunzicho. Ku Britain parasetamo wa ana amagulitsidwa wa mphamvu ziwiri, wa 120 mg/5 ml wa ana aang'ono ndi wa 250 mg/5 ml wa ana a zaka 6 kupita m'tsogolo, choncho ngati mbali ya katoni yosonyeza mphamvu sinajambulidwe, muyezo wa mamililita pawokha sutanthauza kanthu. Ndimapempha zithunzi za mbali zonse, zojambulidwa popanda kuwala kwa fulashi. Pa mankhwala a 120 mg/5 ml, mwana wa miyezi 3 mpaka 6 amapatsidwa 2.5 ml, omwe ndi mamiligalamu 60. Kadontho ka pakati pa 2 ndi 5 ndi kamene kamayamba kuzimirira katoni ikanyezimira kapena ikapindika, ndipo 25 ml ndi mamiligalamu 600, kuchulukitsa muyezo kakhumi. Ngati nambala sindikuiona bwino sindilota, ngakhale ndikudziwa chimene chimayenera kukhalapo. Ndimapempha chithunzi china.

Kadontho komweko kamavutitsanso pa Chiarabu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri sayembekezera. Ku Morocco, Algeria ndi Tunisia amagwiritsa ntchito manambala ngati athuwa, koma ku Egypt, Sudan ndi maiko ambiri a kum'mawa anthu anazolowera manambala ena, amene ziro wake ndi kadontho, ٠, pamene 5 ndi kabwalo, ٥, kofanana ndi ziro wathu. Womasulira akalemba 2.5 ndi manambala amenewa n'kuika kadontho wamba pakati, mayi uja angawerenge 205, ndipo wa kufamase amene sadziwa Chiarabu akaona 5 angamuyese ziro. Chifukwa cha ichi ndimasiya manambala monga momwe alili pa katoni, kuti mayi athe kuwayerekeza ndi amene alembedwa pa sirinji yoyezera, kenaka ndimalembanso muyezowo m'mawu, kuti mamililita awiri ndi theka.

Mayina a miyezo nawonso ndimawalemba athunthu. Chidule cha mililita ndi مل, cha miligalamu ndi ملغ, ndipo cha maikulogalamu ndi مكغ. Ziwiri zomalizazi zimasiyana chilembo chimodzi chokha, pamene miligalamu imodzi ndi mamaikulogalamu 1,000. Sindisinthanso mamililita kukhala masipuni, chifukwa sipuni yaing'ono yoyezera ndi 5 ml, yaikulu ndi 15 ml, ndipo za m'khitchini zilibe muyezo wodalirika.

Pali vuto lina lobwera ndi kompyuta. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, koma manambala amayenda kuchokera kumanzere, choncho zinthu monga 3-6 kapena 120 mg/5 ml zimatha kuoneka zotembenuka mawu akakoperedwa kuchokera mu pulogalamu ina kupita mu ina. Ndimachotsa kamzere ka pakati n'kulemba mawu akuti kuyambira ndi mpaka, ndipo ndimayang'ana uthengawo pa foni monga momwe mayi adzauonere.

Pa machenjezo, chofunika ndi kusunga mphamvu ya kuletsa. Katoni imanena kuti mwana asapatsidwe kopitirira kanayi pa maola 24, komanso kuti pazidutsa maola osachepera anayi asanapatsidwenso. Kumasulira izi kuti kanayi pa tsiku ndi kulakwa, chifukwa malire asanduka lamulo loti azimwa kanayi. Mawu akuti لا يجب ambiri amawagwiritsa ntchito poletsa, koma kwenikweni amatanthauza kuti chinthucho si chokakamiza, choncho ndimasankha يجب ألا kapena kuletsa kwachindunji. Chenjezo lakuti mwana akamwa wopitirira muyezo muonane ndi dokotala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka bwinobwino liyenera kumasuliridwa lonse. Mawu omalizawo ndi amene omasulira ofupikitsa amataya, chonsecho parasetamo wochuluka amawononga chiwindi zizindikiro zisanaoneke, mwina mpaka patadutsa tsiku limodzi kapena awiri.

Ndikamaliza, mnzanga amene sanaone katoni amawerenga Chiarabucho n'kundiuza muyezo, nthawi ndi zoletsedwa monga wamvera, ine ndikuyang'ana chithunzi. Pamene tasiyana timakonza. Ngati dokotala analemba muyezo wosiyana ndi wa pa katoni, ndimamasulira zonse ziwiri monga zilili ndipo ndimauza mayi kuti akafunse kufamase asanam'patse mwana, chifukwa kusankha pakati pa miyezo iwiriyo si ntchito ya womasulira.