Fani wa mapini atatu pa malo a mapini anayi: chifukwa chake amalira komanso mmene mungamulumikizire

Mwezi wa Okutobala ukafika, kutentha kwa mumzinda wa Tete kukamapitirira madigiri 40, anthu ambiri amabwera ndi makompyuta awo kuti ndiwawonjezere mafani, ndipo ena amabwera atawonjezera kale okha koma akudandaula kuti bokosi likulira ngati chigayo. Nthawi zambiri palibe chimene chawonongeka. Chimene chachitika n'chakuti fani wa mawaya atatu walumikizidwa pa malo a mapini anayi, ndipo bolodi lalikulu la kompyuta likumulamula m'njira imene iye sangaimve.

Mapini atatu oyamba amagwira ntchito zofanana pa mitundu yonse iwiri. Pini yoyamba ndi yobwezera magetsi, ndipo waya wake amakhala wakuda. Yachiwiri imabweretsa magetsi a mavoliti 12. Yachitatu siipereka chilichonse kwa fani, koma imatenga uthenga wochokera kwa iye: fani akazungulira kamodzi amatumiza zizindikiro ziwiri, ndipo bolodi likaziwerenga limalemba nambala ija mumaiona pa sikirini pambali pa mawu akuti RPM, yosonyeza kuti fani akuzungulira kangati pa mphindi imodzi. Pini yachinayi, imene inafala pamene kampani ya Intel inatulutsa muyezo wake cha m'ma 2004, ndi ya lamulo basi. Siiwonjezera mphamvu ya magetsi monga ambiri amaganizira. Imanyamula chizindikiro chotchedwa PWM, chimene chimayaka ndi kuzima pafupifupi ka 25,000 pa sekondi imodzi, ndipo kachipangizo ka m'kati mwa fani kamayang'ana kuti pa nthawi yonseyo ndi gawo lotani limene chizindikiro chakhala choyaka. Chikakhala choyaka nthawi yochepa fani amayenda pang'onopang'ono, chikakhala choyaka nthawi yonse amathamanga ndi liwiro lake lonse, koma magetsi a pa pini yachiwiri amakhalabe mavoliti 12.

Fani wa mawaya atatu alibe khutu lomvera lamulo limenelo. Njira yokhayo yomuchepetsera liwiro ndi kumuchepetsera magetsi enieniwo, kuchoka pa mavoliti 12 kutsika mpaka 7 kapena 6, ndipo njira imeneyi ndiyo imalembedwa kuti DC.

Pa kulumikiza, musadalire mitundu ya mawaya, chifukwa waya wachikasu pa fani wa mawaya atatu ndi wowerengera liwiro, pomwe pa mafani ambiri a mawaya anayi wachikasu ndiye wa mavoliti 12, ndipo mafani ena a masiku ano mawaya ake onse ndi akuda. Dalirani kapulasitiki koimirira kumbuyo kwa mapini. Kapulasitiki kameneka kali kumbuyo kwa mapini atatu okha, ndipo pulagi ili ndi timizere tiwiri totukuka timene kapulasitikiko kamalowa pakati pake. Mukazimitsa kompyuta ndi kuzula waya wake pakhoma, lowetsani pulagi motsata timizereto. Ikakhala ya mabowo atatu, pini imodzi idzatsala poyera kumapeto, ndipo zimenezo n'zoyenera. Ikakhala ya mabowo anayi pa malo a mapini atatu, bowo limodzi lidzalendewera pambali, ndipo fani adzazungulirabe, kungoti lamulo la PWM silimufikira. Pulagi ikakana kulowa, mwaitembenuza, ndipo kukakamiza kumathyola kapulasitiki kaja.

Chaka chatha mwini kashopu ka fotokope ku Ulongwe anandibweretsera kompyuta imene anaiika mafani awiri atsopano a mamilimita 120. Anati, "Amisiri, makasitomala akumandifunsa ngati ndayatsa jenereta." Nditatsegula ndinapeza kuti onse awiri ndi a mawaya atatu, wina pa CHA_FAN1, wina pa CHA_FAN2, amene ndi malo a pa bolodi olumikizirapo mafani a bokosi, ndipo analumikizidwa molondola ndithu. Nditalowa mu BIOS, pulogalamu ya bolodi imene mumasinthiramo kayendedwe ka mafani, ndinaona kuti onse akuyenda pafupifupi 1,500 RPM ngakhale kompyuta inali itangoyatsidwa kumene m'mawa wozizira wa ku Angonia. Ndinatsitsa mzere wa liwiro mpaka pansi, nambala sinasunthe. Chimenechi ndicho chizindikiro chodalirika: mukasintha lamulo koma RPM n'kukhala pomwepo, ndiye kuti bolodi likulankhula pa pini yachinayi pomwe palibe waya. Malo onse awiri anali pa PWM. Nditawasinthira ku DC, liwiro linatsika kufika cha m'ma 800, ndipo phokoso linatha.

Ntchito sinathere pamenepo, chifukwa njira ya DC ili ndi malire ake. Magetsi akachepa kwambiri fani amaima, ndipo kuti ayambe kuzungulira ataima amafuna magetsi ambiri kuposa amene amafuna kuti apitirize kuzungulira. Choncho fani akhoza kumayenda bwino pamene mukumuyesa, koma mawa lake poyatsa kompyuta n'kungonjenjemera osazungulira. Fumbi likalowa m'kati mwake, monga limachitira m'maofesi a ku Moatize, vutoli limakula. N'chifukwa chake mabolodi ena salola kuti DC itsike kupitirira pafupifupi 60 peresenti, ndipo ine sindilimbana nawo malire amenewa. Ndikasintha, ndimazimitsa kompyuta, ndimadikira mafani aime, kenako ndimayatsa ndikuyang'ana ndi maso. Mabolodi ena akale komanso otchipa alibe DC n'komwe pa malo a mapini anayi, ndipo pamenepo fani wa mawaya atatu adzathamanga ndi liwiro lonse mpaka mutagula wa mawaya anayi kapena kawaya kochepetsa magetsi.

Pa malo olembedwa CPU_FAN ndimaumirira kuti pakhale fani wa purosesa, makamaka wa mawaya anayi, popeza kutentha kwa purosesa kumakwera ndi kutsika msanga, ndipo PWM imatha kutsitsa liwiro kwambiri fani osaima. Komanso bolodi limayang'anira malo amenewa poyatsa: likapanda kumva zizindikiro za pini yachitatu, mabolodi ena amalemba CPU Fan Error n'kuima pomwepo, ngakhale fani wa purosesa akuzungulira bwinobwino pa SYS_FAN, malo a mafani a bokosi, pamene wina anamuika molakwitsa.

Mwini shopu uja anafunanso fani wachitatu, koma malo anali atatha, choncho tinagwiritsa ntchito waya wogawa. Malo amodzi pa mabolodi ambiri amapirira ampeya imodzi, ndipo kabuku ka bolodi kamanena. Papepala lomatidwa kumbuyo kwa mafani ake panalembedwa 0.25A, kotero awiri pamalo amodzi ndi theka la ampeya, zimene zili bwino. Anayi akanakwana ampeya yathunthu, ndipo sindikanalola, chifukwa poyamba kuzungulira fani amakoka magetsi ochuluka kwa kanthawi. Mafani ambiri chotero amafuna kabokosi kogawira kamene kamatenga magetsi pa waya wa SATA, umene umaperekanso magetsi ku hadi disiki. Pa waya wogawa mudzaona kuti nthambi imodzi yokha ndiyo ili ndi pini yachitatu. Sikuti ina inathyoka: anaichotsa dala kuti zizindikiro za mafani awiri zisasakanikirane, kutanthauza kuti BIOS imaonetsa liwiro la fani mmodzi yekha, ndipo mnzakeyo akaima bolodi silidziwa. Pa waya umodzi wotere ikani mafani a mtundu umodzi, chifukwa mukasakaniza n'kusankha PWM, wa mawaya atatu adzathamanga yekha pamene mnzake akumvera lamulo.